Adimini Akasowa: Kubwezeretsa Ulamuliro pa Gulu la WhatsApp ndi Tsamba la Bizinesi pa Facebook

Gulu la pa WhatsApp kapena tsamba la pa Facebook silikhala m'manja mwa shopu, mpingo kapena bungwe limene dzina lake lalembedwa pamwamba. Limakhala m'manja mwa akaunti ya munthu amene ali ndi udindo wa adimini. Pa WhatsApp akauntiyo imamangirizidwa ku nambala ya foni, pomwe pa Facebook imamangirizidwa ku dzina la munthu, imelo kapena nambala yake, ndi pasiwedi. Kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wa zonse ziwiri, sidziwa kuti ndani anaika mpamba mu bizinesiyo, ndani amalipira lendi, kapena ndani anasankhidwa kukhala mlembi pa msonkhano wa pachaka. Imangodziwa akaunti. N'chifukwa chake adimini akakhala mmodzi yekha n'kusowa, eni ake enieni amapezeka ali panja ngati mwini shopu amene mnyamata wa ntchito wapita ndi kiyi.

Kusowako kumabwera m'njira zosiyanasiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi mankhwala ake. Wina amapita ku Joni n'kusintha nambala. Wina foni imabedwa ndipo sabwezeretsa laini. Wina amachoka ntchito atakangana ndi abwana, ndiye amaona mauthenga koma osayankha. Wina amamwalira. Palinso amene akaunti yake yalandidwa ndi akuba a pa intaneti, iye ali pomwepo koma sangathe kulowa. Ntchito yoyamba, munthu asanadine chilichonse, ndi kudziwa kuti mwa zimenezi chachitika n'chiti, chifukwa chinthu chothandiza pa vuto lina chimawonongeratu pa vuto linzake.

Kuona ngati akaunti ikadali moyo

Pa WhatsApp, uthenga umodzi wopita kwa adimini umanena zambiri. Tiki imodzi yotuwa imasonyeza kuti uthenga wachoka koma sunafike pa foni ina iliyonse. Ikakhala choncho masiku angapo, ndiye kuti foniyo yazima, ilibe intaneti, kapena wotumizayo anatsekeredwa. Kuti adziwe chenicheni, anthu awiri kapena atatu a m'gululo ayesenso: ngati onse akuona tiki imodzi, nkhani si ya kutsekeredwa. Matiki awiri amatanthauza kuti akauntiyo ikulandira mauthenga penapake. Pamenepo funso limasintha n'kukhala lakuti akulandirayo ndani, mwini wake kapena munthu wina. Chithunzi chikasintha mwadzidzidzi n'kukhala cha munthu wosadziwika, n'kutheka kuti nambalayo inapatsidwa kwa wina, pakuti makampani a mafoni amagulitsanso manambala amene akhala nthawi yaitali osagwira ntchito.

Pa Facebook, choyang'ana ndi akaunti ya adiminiyo komanso tsamba lenilenilo. Ngati tsamba layamba kutulutsa zinthu zachilendo, monga mavidiyo a njuga kapena malonda a kunja, kapena dzina lake lasintha, ndiye kuti lalandidwa, ndipo njira yake ndi yodandaula za kuba kudzera pa facebook.com/hacked. Gawo la "Page transparency", lomwe aliyense angathe kuliona pa tsamba, limasonyeza tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndiponso maina amene lakhala likusintha. Ngati tsamba langokhala chete, vuto ndi la kusowa kwa munthu basi.

Gulu la WhatsApp ndi masiku amene amawerengedwa

WhatsApp ilibe fomu yopemphera udindo wa adimini. Palibe ofesi imene anthu a m'gulu angalembere kuti, "Adimini wathu wasowa, ikani uje." Chimene ilipo ndi lamulo limodzi lodziyendera lokha: adimini yekhayo akatuluka m'gulu, WhatsApp imasankha munthu wina mwa otsalawo mwachisawawa n'kumupatsa udindowo. Akaunti ikafufutidwa imachotsedwanso m'magulu onse amene inalimo. Choncho gulu silikhala lopanda adimini mpaka kalekale. Chovuta n'chakuti adimini wosowa sanatuluke. Dzina lake likadali pa mndandanda, ndipo kwa WhatsApp gululo lili ndi woliyang'anira.

Apa pali manambala atatu oyenera kuwadziwa. Yoyamba ndi masiku 14. Ngati akaunti ya adimini inalumikizidwa ku kompyuta kapena foni ina kudzera pa "Linked devices", chipangizocho chimapitiriza kugwira ntchito ngakhale foni yeniyeni yazima, koma foniyo ikatha masiku opitirira 14 osagwiritsidwa ntchito, zipangizo zolumikizidwazo zimatulutsidwa zokha. Yachiwiri ndi masiku 120. Akaunti ikakhala nthawi imeneyo osalumikizana ndi WhatsApp, nthawi zambiri imafufutidwa. Yachitatu ndi masiku 7, yomwe ndi nthawi yodikira munthu akalowanso mu akaunti n'kupeza kuti ikufuna nambala yachinsinsi ya "Two-step verification" imene iye saidziwa ndipo alibe imelo yoisinthira.

Kudikira masiku 120 ndi njira yoona, koma ndi yofooka. Foni ya adimini ikangoyatsidwa n'kugwira intaneti tsiku limodzi, kuwerengako kumayambiranso. Komanso tsiku lofufutalo likafika, udindo ukhoza kugwera aliyense: kasitomala amene anagula kamodzi chaka chatha, kapena munthu amene anasiya kalekale kuwerenga za m'gulumo. Zikatero pamafunika kuyang'ana pa "Group info" kuti aone dzina limene lalembedwa "Group admin" pambali pake, n'kumuimbira munthuyo mwaulemu kuti apereke udindowo kwa oyenera. Ambiri amavomera, koma palibe chowakakamiza.

Kupirira kwa gulu kumadalira mmene adimini analisiyira. Ngati aliyense amatha kulemba ndi kuwonjezera anthu, gulu likhoza kuyenda miyezi ingapo popanda vuto lalikulu, kupatula kuti wotukwana kapena wotsatsa zachinyengo sangachotsedwe. Koma ngati linatsekedwa kuti maadimini okha ndiwo azilemba, monga amachitira magulu ambiri olengezera za mpingo ndi za sukulu, gululo limangoti zii. Pamenepo kudikira n'kutaya nthawi.

Chitsanzo cha shopu ya makeke

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene dongosolo lake limayendera. Mayi wina wophika makeke a ukwati ku Zomba anali ndi gulu la makasitomala pa WhatsApp komanso tsamba pa Facebook. Zonse anamutsegulira ndi mwana wa mchemwali wake, yemwe ankayankhanso makasitomala. Laini ya shopu inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha mayiyo, koma inkakhala m'foni ya mnyamatayo. Tsamba la Facebook analitsegula ndi akaunti yakeyake. Mnyamatayo atapita ku Joni, foni ndi laini zinapita naye, ndipo patatha masiku 9 mauthenga onse opita kwa iye ankaima pa tiki imodzi.

Pa kauntala ya shopuyo panali laputopu imene ankalembera maoda, ndipo WhatsApp ya laini ya shopu inali yolumikizidwa pamenepo. Atatsala ndi masiku 5 okha, chinthu choyamba kuchita n'kutsegula laputopuyo, osadina "Log out", kulowa m'gulu, kudina dzina la gulu pamwamba, kupeza nambala ya mayiyo pa mndandanda wa mamembala, n'kusankha "Make group admin". Ntchito imeneyi sifika ngakhale mphindi imodzi. Kuyambira pamenepo mayiyo angathe kuwonjezera ndi kuchotsa anthu kuchokera pa foni yake. Chachiwiri n'kukopera m'buku maoda onse ali m'mauthenga: tsiku la ukwati, kukula kwa keke, ndalama zimene munthu analipirako ndi zimene zatsala.

Zimenezi zikatheka, m'pamene mayiyo angapite ku shopu ya TNM kapena Airtel ndi chiphaso chake kukabwezeretsa laini. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse m'Malawi imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo amene dzina lake lili m'kaundula ndiye amapatsidwa simukhadi yatsopano ya nambala yomweyo. Akaika simukhadiyo m'foni n'kulembetsa WhatsApp, kodi ya manambala 6 imabwera pa uthenga wamba kapena poimbiridwa. Akangoilemba, foni ili ku Joni ija imatulutsidwa mu akaunti. Magulu onse ndi udindo wa adimini zimabwerera, popeza zimenezi zimasungidwa ku WhatsApp komweko. Mauthenga akale ndi amene sabwerera, chifukwa amakhala pa foni yakale kapena m'malo osungira amene mnyamatayo analumikiza ku imelo yake. Apa m'pamene pamaonekera chifukwa choyambira pa laputopu: wothamangira simukhadi choyamba akhoza kupeza akaunti koma n'kutaya mbiri ya maoda imene inali kuonekabe pa laputopu paja.

Ngati mnyamatayo anaika nambala yachinsinsi ya "Two-step verification", WhatsApp imaifunsa kodi ija itangolembedwa. Kungoyesayesa manambala sikuthandiza. Podikira masiku 7 aja akauntiyo siigwira ntchito kwa mayiyo, komabe gulu likuyenda, chifukwa nambala yake ina inapatsidwa kale udindo.

Zonsezi zatheka chifukwa laini ndi ya mayiyo. Ikanakhala yolembetsedwa m'dzina la mnyamatayo, nkhani ikanasintha. Kupita ndi chiphaso cha wina, kunyengerera wogwira ntchito pa shopu ya mafoni, kapena kupusitsa munthu kuti atchule kodi yake n'kulowa mu akaunti ya mwini popanda chilolezo, ndipo lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake limati umenewu ndi mlandu. Kukhala ndi chifukwa chomveka sikusintha zimenezo. Ngakhale pa laputopu paja, akaunti ikakhala ya munthu payekha, mauthenga ake ena si a shopu.

Kutsegula gulu latsopano

Njira zija zikatsekeka, kutsegula gulu lina ndi kumene kumathetsa nkhani msanga, ndipo pa WhatsApp sizipweteka kwambiri. Chuma cha gulu ndi anthu ake, ndipo mndandanda wawo uli poyera kwa membala aliyense pa "Group info". Mbiri ya zokambirana ingasungidwe ndi membala wakale kudzera pa "Export chat", yomwe imatulutsa mauthenga ngati fayilo yowerengeka, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri magulu a banki m'khonde ndi a zipereganyu amene amalengezera zopereka m'gulumo.

Poika anthu m'gulu latsopano, ena salowa nthawi yomweyo chifukwa anatseka kuti asamaikidwe m'magulu ndi anthu amene sanawasunge. Amenewa amalandira uthenga wowaitana, umene umatha mphamvu pakapita masiku 3. Ngati gulu lakale likulola kulemba, linki ya latsopano iikidwe mmenemo ndi munthu wodziwika kwa onse, monga tcheyamani kapena msungichuma, makamaka ndi mawu ake ojambulidwa, chifukwa uthenga wakuti "gulu lasamuka, dinani apa" ndi umene akuba amagwiritsanso ntchito. Kenako anthu atuluke m'gulu lakale. Kulisiya lodzaza n'kusiya manambala a anthu ndi nkhani zawo m'manja mwa aliyense amene adzapezeke ndi nambala ya adimini wakale.

Tsamba la Facebook

Tsamba ndi lovuta kuposa gulu, chifukwa anthu olitsatira sangasamutsidwe. Palibe mndandanda wonse woti munthu akopere, ndipo ndemanga za makasitomala, zithunzi za zaka zambiri ndi dzina limene anthu amalemba pofufuza zimakhala pomwepo. N'chifukwa chake tsamba n'loyenera kulimbanira.

Choyamba n'kuona mphamvu zimene anthu otsala ali nazo. Facebook imasiyanitsa anthu oyendetsa tsamba. Amene ali ndi "full control" angathe kuchita chilichonse, kuphatikizapo kupatsa ena mphamvu, kuwachotsa, ngakhale kufufuta tsamba. Ena amangotha kuika zithunzi, kuyankha mauthenga kapena kuyendetsa malonda olipira, koma sangawonjezere munthu. Mndandanda umenewu umapezeka pa "Page access" m'makonzedwe a tsamba. Kawirikawiri pamapezeka munthu amene anapatsidwa mphamvu kalekale n'kuiwala, monga amene anathandiza kujambula zithunzi zoyamba. Aliyense amene anakhudzapo tsambalo ayang'ane pa akaunti yake ngati dzina la tsamba likuoneka pa masamba amene angathe kuwayendetsa.

Pali khomo linanso limene ambiri salidziwa. Tsamba likhoza kukhala pansi pa akaunti ya bizinesi ya Meta, imene masiku ano imalembedwa "business portfolio" ndipo kale inkatchedwa "Business Manager". Imapezeka pa business.facebook.com. Ngati tsamba lili mmenemo, munthu aliyense wokhala ndi mphamvu zonse pa akaunti ya bizinesiyo angathe kudzipatsa kapena kupatsa wina ulamuliro wa tsamba popanda adimini wosowayo. Nthawi zina akaunti imeneyi imakhala ya kampani kapena munthu amene anapatsidwapo ntchito yotsatsa malonda, ndipo kumuimbira foni kumathetsa nkhani yonse.

Pa chitsanzo cha makeke chija, mayiyo anali ndi mphamvu zoika zithunzi ndi kuyankha makasitomala zokha. Mphamvu zochepazi si zonyozeka. Angathe kulemba pa tsamba kuti nambala yolipirira yasintha, zomwe n'zofunika msanga ngati pa zithunzi zakale panalembedwa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya mnyamatayo, chifukwa kasitomala wosadziwa angatumize ndalama za keke ku nambala imene palibe akuiyang'ana. Ngati khadi ya ku banki ya mayiyo inalumikizidwa ku malonda olipira ndipo ndalama zikuchokabe, banki ingathe kuitseka. Asanatero asunge mapepala a ku banki osonyeza malipirowo, chifukwa ndi umboni wabwino wakuti iye ndiye ankalipirira tsambalo.

Chachiwiri, chomwe anthu amachidumpha chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi, n'kumufunafuna munthuyo. Palibe njira ina yachangu kuposa imeneyi. Wopita ku Joni amakhala ndi mnzake amene anamulandira, mpingo umene amapemphera, kapena dalaivala wa basi amene amatumizira katundu kumudzi. Akapezeka, ntchito yake ndi yochepa: kutsegula "Page access", kudina "Add New", kulemba dzina la akaunti ya mwini shopu, kuyatsa batani lopereka "full control", n'kutsimikiza ndi pasiwedi yake. Woitanidwayo ayenera kuvomera pa akaunti yake, apo ayi palibe chasintha. Ngati munthuyo nayenso sakutha kulowa mu akaunti yake chifukwa nambala yakale inafa, ayambire pa facebook.com/login/identify, pomwe angagwiritse ntchito imelo kapena kutumiza chithunzi cha chiphaso chake. Apa m'pamene maina onamizira amabweretsa tsoka. Akaunti yolembedwa dzina la shopu kapena dzina lamasewera ndi tsiku lobadwa longopeka sigwirizana ndi chiphaso chilichonse, ndiye palibe chotsimikizira kuti ndi ya ndani.

Wochoka atakwiya ndi nkhani ina. Nthawi zambiri pamakhala malipiro amene sanaperekedwe kapena mawu amene anamupweteka, ndipo tsambalo walisunga ngati chikole. Munthu wotero ali ndi mphamvu yofufuta tsamba kapena kuchotsa onse otsala, choncho kumunyoza pagulu kapena kutuma anthu kuti amudandaulire kwa Facebook kumangofulumizitsa zoipa. Mkhalapakati, kaya ndi mwinimbumba, mkulu wa mpingo kapena loya, amathandiza kwambiri kuposa fomu iliyonse, ndipo Meta payokha siweruza mikangano ya umwini pakati pa anthu awiri amene onse akuti tsamba ndi lawo. Zikafika pamenepo, chimene chimamveka ndi chigamulo cha khoti.

Adimini akamwalira

Pano pali msampha umene achibale amagweramo chifukwa cha mtima wabwino. Facebook imalola kuti akaunti ya womwalira isandutsidwe chikumbutso, ndipo pambali pa dzina pamalembedwa "Remembering". Akaunti ikasandutsidwa choncho, palibe amene angalowemonso, ngakhale wodziwa pasiwedi, ndipo ngakhale amene malemuyo anamusankha kuti adzayang'anire chikumbutsocho satenga masamba ake. Choopsa kwambiri n'chakuti malamulo a Facebook amanena kuti tsamba limene adimini wake yekhayo akaunti yake yasandutsidwa chikumbutso limachotsedwa. Ndipo pempho la chikumbutso lingatumizidwe ndi wachibale kapena mnzake wa malemu, osati banja lokha. Choncho mwambo wa maliro ukangotha, banja liuzidwe kuti nkhani ya chikumbutso idikire kufikira tsamba la bizinesi litapatsidwa adimini wina.

Foni ya malemu nthawi zambiri imakhala m'manja mwa banja. Isazimitsidwe n'kuikidwa m'sutikesi, ndipo isafufutidwe kuti ipatsidwe mwana. Laini yake ikhale yamoyo, popeza makodi onse amabwera pa nambala imeneyo. Zoyenera kuchita ndi foniyo zigwirizanidwe ndi amene akuyang'anira chuma cha masiye, makamaka ngati bizinesi ili mbali ya chumacho, kuti mawa wina asadzanene kuti katundu analandidwa. Chikalata cha imfa ndi chikalata chopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu zimafunikanso ngati nkhani ipita kwa Meta.

Kudandaula kwa Meta

Munthu akasoweratu, chotsala n'kupempha Meta kuti iike adimini watsopano. Pempholi limadutsa ku gawo lothandiza amalonda, pa facebook.com/business/help, ndipo mwayi wolankhula ndi wogwira ntchito umapezeka mosavuta kwa akaunti zimene zinalipirapo malonda kusiyana ndi zimene sizinalipirepo. Wopempha alowe ndi akaunti yakeyake, ya dzina lofanana ndi la pa chiphaso chake.

Zimene amafunsa zimakhala za mitundu itatu. Pamafunika chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, monga cha unzika kapena pasipoti. Pamafunika zikalata zosonyeza kuti bizinesi ndi ya wopemphayo, monga satifiketi yolembetsera bizinesi, chikalata cha msonkho cha ku MRA kapena laisensi ya ku khonsolo. Pamafunikanso kalata yosainidwa yofotokoza nkhani yonse: dzina la tsamba ndi linki yake, ubale wa wopempha ndi tsambalo, dzina la adimini wakale ndi ubale wake ndi bizinesi, chimene chachitika, akaunti imene ikufunika kupatsidwa ulamuliro, ndi mawu otsimikiza kuti zonse zalembedwazo n'zoona. Nthawi zina amafuna kuti kalatayo ilumbiriridwe, zomwe kuno zimachitika kwa loya kapena majisitireti. Kalata ilembedwe m'Chingerezi, mwachidule, ndi masiku ake. Mbiri ya mkangano wa pabanja isalowemo.

Mapempho ambiri amagwa pa kusagwirizana kwa maina. Tsamba likhoza kudziwika ndi dzina limene makasitomala analizolowera, satifiketi ili ndi dzina lina, ndipo akaunti ya wopempha ili ndi dzina la kwa mwamuna pomwe chiphaso chili ndi la kwa bambo ake. Wowerenga pempholo ali kutali, sadziwa Zomba kapena shopuyo, ndipo amangoyerekeza mapepala. Kusiyana kulikonse kufotokozedwe m'kalatamo, ndipo chilichonse cholumikiza tsamba ndi bizinesi chiikidwepo, monga nambala ya foni kapena malo a shopu amene akuoneka pa tsamba komanso pa laisensi. Bizinesi yosalembetsedwa paliponse imavutika kwambiri pa gawo limeneli. Yankho lingatenge masabata, ndipo likhoza kukhala lokana ngakhale wopemphayo akunena zoona.

Kudandaula kuti tsamba likugwiritsa ntchito dzina kapena zithunzi za mwini popanda chilolezo ndi njira ina yosiyana kotheratu. Mapeto ake n'kuchotsedwa kwa zithunzi kapena kwa tsamba lonse, osati kusamutsidwa kwa ulamuliro. Imathandiza pokhapokha munthu wataya mtima pa tsamba lakale ndipo likusocheretsa makasitomala.

Pa nthawi yodikirayi m'pamene amabwera anthu odzitcha akatswiri obwezeretsa masamba. Amalemba pansi pa dandaulo lililonse la pagulu, ena amadzitcha ogwira ntchito ku Meta, n'kupempha ndalama zoyambira, pasiwedi kapena kodi imene yabwera pa foni. Palibe munthu wakunja amene angaike adimini pa tsamba limene iye alibe mphamvu, ndipo wopereka kodi amataya akaunti yake yomwe amadandaulirayo.

Gulu la pa Facebook lili ndi malamulo akeake ofewerapo. Likakhala lopanda adimini aliyense, membala angathe kuona mwayi wotenga udindowo pa gawo la mamembala, ndipo kuyambira 2020 Facebook imaitana mamembala ena kuti autenge, n'kuliika gululo pambali ngati palibe wovomera. Woitanidwa asazengereze, popeza udindowo umapita kwa amene wavomera, osati kwa amene komiti ikanasankha.

Tsamba latsopano, ndi zochita ulamuliro ukabwerera

Ngati Meta yakana, tsamba latsopano litsegulidwe ndi akaunti ya mwini bizinesi. Masamba awiri sangaphatikizidwe pokhapokha munthu ali ndi ulamuliro pa onse awiri, choncho otsatira akale amabwera mmodzimmodzi. Amene akadali ndi mphamvu zolemba pa tsamba lakale aikepo chilengezo cha kusamukako pamwamba. Amene alibe angathe kulemba ndemanga pansi pa zithunzi zakale, kudziwitsa gulu la makasitomala la pa WhatsApp, ndi kusintha chikwangwani cha pa shopu ndi mapepala omata pa mabokosi.

Ulamuliro ukabwerera, kaya pa tsamba lakale kapena latsopano, anthu awiri odalirika akhale ndi "full control", ndipo ogwira ntchito apatsidwe mphamvu zochepa zoyenera ntchito yawo, popeza aliyense wa mphamvu zonse angathe kuchotsa ngakhale amene anamuikapo. Akaunti ya adimini wosowayo ichotsedwe pa "Page access", chifukwa nambala yake ikagulitsidwa kwa wina, mlendoyo angaigwiritse ntchito kusintha pasiwedi n'kulowa. Pa WhatsApp pali malire amodzi: amene anatsegula gulu sangachotsedwe kapena kulandidwa udindo ndi maadimini ena pokhapokha atatuluka yekha. Ngati wosowayo ndiye analitsegula ndi nambala yakeyake, adimini watsopano angathe kuliyendetsa kwa kanthawi, koma gulu la nkhani za ndalama ndi bwino lisamukebe. Pa laini ya shopu imene yabwezeretsedwa, mndandanda wa "Linked devices" uyang'anidwe kuti zipangizo zosadziwika zitulutsidwe, nambala yachinsinsi yatsopano iikidwe pamodzi ndi imelo ya mwini bizinesi, ndipo adimini aliyense wosintha laini agwiritse ntchito "Change number" laini yakale isanafe, kuti udindo wake m'magulu usamukire ku nambala yatsopanoyo.